Mtengo wa pa fakitale ndi mtengo wofikira ku Limbe: mmene mungalembere wopanga katundu wa kunja

Mayi wina amene amagulitsa zikwama za ana a sukulu ku Limbe anandionetsa foni yawo tsiku lina, nkhope ili yowala. Kwa zaka zambiri akhala akupikula zikwama kwa anzawo amene amakatenga katundu ku Dar es Salaam, ndipo tsopano anafuna kuti azigula okha kwa osoka ku China. Anali atalembera mafakitale asanu ndi anayi uthenga umodzi womwewo, wonena kuti akufuna zikwama ndipo awauze mtengo wabwino. Awiri okha ndi amene anayankha. Mmodzi mwa iwo analemba kuti chikwama chimodzi ndi $3.20.

"Achimwene, taonani," anatero mayiwo. "Ndikatenga 600, phindu lake ndimalizira nyumba ya ku Bangwe ija."

Ndinawafunsa kuti $3.20 imeneyo ndi ya chikwama chili kuti: pakhomo pa fakitale, m'sitima yapamadzi, ku Beira kapena mu shopu yawo? Ndinafunsanso kuti mtengowo ndi wa munthu wogula zikwama zingati, komanso ndi chikwama cha nsalu yotani. Mayiwo anakhala chete, kenaka anati sanafunse.

Palibe cholakwa chachikulu chimene anachita, koma nambala imene anali nayo sakanatha kuwerengera nayo chilichonse. Ntchito ya kalata yoyamba ndi kukupezerani manambala oti mukhale nawo pansi ndi cholembera, n'kudziwa kuti chikwama chimodzi chidzakudyerani ndalama zingati chikadzatsitsidwa pakhonde la shopu yanu. Mafunso atatu amene anthu amafunsa, la chiwerengero chochepetsetsa, la katumizidwe ndi la sampulo, onse amathera pa nambala imodzi imeneyi. Manambala a mitengo amene nditchule m'nkhani ino ndi ongoyerekeza kuti tione mmene masamu ake amayendera. Anu mudzawatenge kwa amene mukuchita nawo malonda.

Chifukwa chake ambiri sayankha

Munthu wowerenga uthenga wanu ku fakitale amalandira mauthenga ambirimbiri tsiku lililonse, ndipo amasankha oti athere nawo nthawi. Uthenga wosatchula mtundu wa katundu, chiwerengero kapena dziko lopitako amauona ngati wa munthu wongodutsa. Akayankha, amangoponya mtengo wotsikitsitsa wa chikwama chopepuka kwambiri kuti mukopeke. Ndi mmene $3.20 ija inabwerera.

Choncho musanafunse funso lililonse, fotokozani chinthucho mokwanira kuti wosoka athe kuchiwerengera. Kwa chikwama, tchulani kutalika, mulifupi ndi kukula kwa mimba yake m'masentimita, matumba angati, zipi zingati, malamba okhala ndi siponji kapena ayi, ndi nsalu yake. Nsalu ya zikwama imadziwika ndi nambala, monga 300D kapena 600D, ndipo mwachizolowezi nambala ikakwera ulusi wake umakhala wokulirapo. Mukapanda kutchula, fakitale ina idzakupatsani mtengo wa nsalu yopyapyala, ina wa yokhuthala, inu n'kumaganiza kuti winayo ndi wodula. Tumizaninso zithunzi za chikwama chimene mukufuna, kutsogolo, kumbuyo ndi m'kati.

Chiwerengero chochepetsetsa

M'makalata awo mudzaona zilembo zakuti MOQ. Zimatanthauza chiwerengero chochepetsetsa chimene fakitale ingavomere kupanga pa oda imodzi. Amalonda athu ambiri amaiona nambala imeneyi ngati mtengo wa pa msika wa Limbe, woti unenerere mpaka wogulitsa atope. Nthawi zina imatsikadi, koma imatsika mukadziwa kumene yachokera.

Wosoka zikwama sapanga yekha nsalu. Amaigula kwa ena amene amainyika mu utoto, ndipo onyikawo sayatsa makina awo chifukwa cha mamita ochepa. Zipi za mtundu wofanana ndi nsalu nazonso zimaodedwa zambiri nthawi imodzi. Kuonjezera apo, kukonza mapatani odulira nsalu ndi kuika osoka pa mzere wa chikwama chatsopano kumadya nthawi yofanana kaya akusoka 200 kaya 5,000. Ndiye fakitale ikanena kuti 1,000, kawirikawiri imakhala ikunena za nsalu imene iyenera kugula.

Apa pali msampha umene umakola anthu ambiri. Nambalayo ikhoza kukhala ya oda yonse, ya kasokedwe kamodzi, kapena ya mtundu umodzi wa utoto. Mayi aja atafunsitsa, anapeza kuti 1,000 inali ya mtundu uliwonse. Iwo ankafuna zakuda, zabuluu, zofiira ndi zapinki, kutanthauza zikwama 4,000, pamene ndalama zawo zinali za 600. Funso loyenera kulemba, choncho, ndi lakuti chiwerengero chochepetsetsa ndi chingati pa kasokedwe kamodzi, ndipo ndi chingati pa mtundu umodzi.

Mukadziwa kuti vuto lagona pa nsalu, njira yonenerera imaoneka yokha. Funsani mitundu ya nsalu imene ali nayo kale m'nkhokwe. Yakuda ndi yabuluu woderako sizisowa, chifukwa ogula ambiri amafuna zomwezo. Funsaninso ngati ali ndi kasokedwe kawo kofanana ndi kanu, kamene mapatani ake alipo kale. Mayiwo atavomera mitundu iwiri imeneyi ndi kasokedwe ka fakitaleyo, analoledwa kutenga 600, zakuda 300 ndi zabuluu 300. Mtengo unakwerako, ndipo n'zoyenera kutero. Ine ndimaopa kwambiri fakitale imene imavomera chiwerengero chochepa, mtengo wotsika ndi mitundu yonse popanda kutsutsa, chifukwa ndalama imene yataya pamenepo idzaibweza pa zipi ndi pa ulusi.

M'kalata pemphani mitengo ya ziwerengero zitatu, monga 300, 600 ndi 1,000. Mukatero mumaona pamene mtengo ukuyambira kutsika, ndipo wogulitsayo amaona kuti mukuganiza za mtsogolo. Koma musaname kuti mudzagula makontena khumi chaka chamawa. Mawu amenewo amawamva tsiku lililonse. Kunena zoona kuti iyi ndi oda yoyeserera, ndipo katundu akayenda mudzabweranso, kumamveka bwino kuposa malonjezo aakulu.

Mwina amene akukuyankhani si fakitale ayi, koma kampani yogula kwa osoka n'kugulitsanso. Mumawazindikira poona kuti akugulitsa zikwama, mapoto ndi matochi pamodzi. Si akuba. Kwa munthu wogula zochepa nthawi zina ndi amene amathandiza, chifukwa amaphatikiza maoda a anthu angapo. Chofunika ndi kudziwa amene mukulankhula naye, ndipo palibe mwano kufunsa.

Zilembo zitatu zimene zimanena wolipira

Pano ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ife a dziko lopanda doko la panyanja yamchere timapwetekera.

Mtengo uliwonse wa malonda a pakati pa mayiko umayenda ndi zilembo zitatu ndi dzina la malo. Malamulo ake amatchedwa Incoterms, ndipo amalembedwa ndi bungwe la International Chamber of Commerce la ku Paris. Anayamba kutuluka mu 1936, ndipo amene akugwira ntchito masiku ano ndi a 2020, omwe alipo 11. Lamulo lililonse limayankha mafunso awiri: wogulitsa alipira ulendo mpaka pati, ndipo katundu akawonongeka kapena kusowa, tsokalo limachoka kwa iye n'kukhala lanu kuyambira pati. Malo awiri amenewa si amodzi nthawi zonse.

EXW ndi mtengo wa pakhomo pa fakitale. Wogulitsa amangolongedza n'kukuuzani kuti dzatengeni. Galimoto yopita ku doko, mapepala otulutsira katundu m'dzikolo, zonse ndi zanu. Umaoneka wotchipa kuposa yonse, ndipo $3.20 ija inali ya mtundu umenewu, pa zikwama 1,000 za nsalu yopyapyala. Munthu amene ali ku Blantyre wopanda ejenti ku China sangathe kuyendetsa mapepala amenewo.

FOB ndi umene mafakitale a ku China anazolowera. Fakitale ya mayi aja ili ku Quanzhou m'chigawo cha Fujian, kumene kumasokedwa zikwama zambiri, ndipo inalemba kuti FOB Xiamen. Apa wogulitsa amanyamula katundu mpaka ku doko, amakonza mapepala otulutsira, ndipo udindo wake umatha katunduyo akakwera sitima. Sitimayo mumaipeza ndi kuilipira ndinu, kudzera mwa ejenti wanu.

Kenaka pali CIF, yomwe imakopa kwambiri. Munthu akawerenga kuti CIF Beira amamva ngati katundu wafika kale pafupi ndi kwathu. Zoona zake ndi zakuti wogulitsa amalipira sitima ndi inshuwalansi mpaka ku Beira, koma tsoka limakhala lanu kuyambira tsiku limene katundu anakwera sitima ku China. Makatoni akanyowa panyanja, si wogulitsa amene angakubwezereni, muyenera kukadandaula nokha kwa a inshuwalansi. Ndipo inshuwalansi imene lamuloli limamukakamiza kugula ndi yochepetsetsa, yoteteza ku ngozi zikuluzikulu monga moto kapena kumira kwa sitima, osati kubedwa kwa makatoni atatu. Ngati mukufuna yoteteza zambiri, muyenera kupempha m'kalata.

Chachikulu n'chakuti Beira si Blantyre. Pakati pake pali msewu wa makilomita pafupifupi 800 wodzera ku Tete, kulowa m'dziko muno pa chipata cha Mwanza. Katundu akatsika ku Beira pamafunika wolipira ndalama za padoko, ejenti wa ku Mozambique wokonza mapepala oti katundu adutse m'dzikomo, thiraki, ndi ejenti wa kuno wochotsa katundu ku kasitomu. Zonsezi sizili mu CIF. Masiku aulere osungira katundu padoko ndi owerengeka, ndipo akatha ndalama imawerengedwa tsiku ndi tsiku. Munthu amene wayamba kufunafuna thiraki katundu atafika kale amakhala akulipira pamene akufunafunapo. N'chimodzimodzi ndi Nacala, kumene katundu amatha kubwera pa njanji kudzera ku Nayuchi, kapena Dar es Salaam, kumene amalowera ku Songwe n'kutsika dziko lonse mpaka kum'mwera kuno.

Pali chinanso chimene ndachionapo kangapo pa katundu wochepa wosadzaza kontena. Wogulitsa amakupatsani mtengo wa sitima wotsika modabwitsa, chifukwa ejenti amene wasankha amadziwa kuti ndalama yake adzaipeza kwa inu ku doko lofikira. Simunamusankhe, simunagwirizane naye mtengo, koma katundu wanu ali m'manja mwake ndipo satuluka musanalipire. Chizindikiro chake chimaoneka m'kalata momwe: kusiyana kwa FOB ndi CIF kukakhala kochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene ejenti wanu wanena, funsani dzina la ejenti wa ku doko lofikira ndi mndandanda wa zimene adzalipiritse, zolembedwa.

Onaninso kuti FOB ndi CIF ndi malamulo a ulendo wa pamadzi okha. Wogulitsa akalemba kuti CIF Blantyre, ndiye kuti mwina sanayang'ane mapu kapena akugwiritsa ntchito zilembo mwachizolowezi chabe. Lamulo loyenera katundu wolipiridwa mpaka m'kati mwa dziko ndi CPT Blantyre, kapena CIP Blantyre ngati muli inshuwalansi, kapenanso DAP Blantyre, pamene wogulitsa amasenza tsoka mpaka katundu atafika ndipo inu mumangolipira za kasitomu. Choncho m'kalata nenani poyera kuti Malawi alibe doko, ndipo tchulani doko limene mukufuna. Musaganize kuti akudziwa.

Ena adzakuuzani kuti DDP, kutanthauza kuti katundu afika pakhomo panu msonkho utalipiridwa kale. N'zokoma kumva. Funso langa limakhala limodzi: mapepala a kasitomu adzatuluka m'dzina la ndani? Ngati katundu walowa m'dzina la munthu wina pamodzi ndi wa anthu ena makumi awiri, inu mulibe pepala loonetsa a MRA akadzafunsa, ndiponso mulibe umboni wopereka ku banki yanu wakuti madola amene munatumiza anagulitsidwadi katundu amene analowa m'dziko.

Amalonda ambiri ang'onoang'ono a mu Blantyre muno amadzera kwa maejenti ophatikiza katundu, amene ali ndi nyumba zosungiramo ku China ndipo amadzaza kontena imodzi ndi katundu wa anthu ambiri. Mukadzera njira imeneyi, lamulo lokuyenererani ndi FCA, lotsatiridwa ndi dzina la malo a ejentiyo. Wogulitsa amakonza mapepala otulutsira n'kupereka katundu kwa ejenti wanu, ndipo udindo wake umathera pomwepo. Mayi aja anagwirizana zimenezi.

Funso la makatoni

Funso limene anthu amaiwala kwambiri ndi laling'ono: katoni imodzi ndi yaikulu bwanji, imalemera bwanji, ndipo mumalowa zikwama zingati? Popanda yankho lake palibe ejenti amene angakuuzeni mtengo wa ulendo, chifukwa katundu wosadzaza kontena amalipiridwa potengera malo amene watenga, m'makiyubiki mita, omwe pa mapepala amalembedwa CBM.

Fakitale inayankha kuti katoni ndi masentimita 60 ndi 40 ndi 50, mumalowa zikwama 30, ndipo imalemera makilogalamu 14.5. Zikwama 600 ndi makatoni 20.

```
0.60 x 0.40 x 0.50 = 0.12 CBM
0.12 x 20 = 2.4 CBM
```

Kontena yaing'ono ya mafiti 20 imalowa makiyubiki mita pafupifupi 28 ikapakiridwa makatoni, ndiye katundu wa mayiwa sakufika ndi pa gawo limodzi la magawo khumi. Ejenti wawo, tiyerekeze, anati $330 pa kiyubiki mita mpaka ku Blantyre, osaphatikiza msonkho. Ulendo wonse ndi $792, kapena kuti $1.32 pa chikwama.

Anafunsanso za ndege yotera ku Chileka. A ndege amachulukitsa masentimita atatu aja n'kugawa ndi 6,000, ndipo amalipiritsa nambala imene yakula pakati pa imeneyo ndi kulemera kwenikweni. Katoni ya makilogalamu 14.5 imawerengedwa ngati ya 20, ndiye mayiwo akanalipira makilogalamu 400 m'malo mwa 290. Zikwama ndi katundu wodzaza mpweya, ndege siiyenera.

Sampulo

Mayi aja anakhumudwa atamva kuti sampulo ya chikwama cha madola atatu ndi $50, kuonjezera $65 yotumizira. "Akundibera poyera awa," anatero. Sanali kuwabera. Sampulo yosokedwa mwapadera imadulidwa ndi manja, imasokedwa ndi mmisiri mmodzi, ndipo ikakhala ndi dzina la shopu yanu pamafunika kukonza chodindira chake. Zikwama za oda zimatchipa chifukwa ntchito imeneyi imagawidwa pa mazanamazana.

Masampulo alipo a mitundu itatu, ndipo ndi bwino kunena umene mukufuna. Pali yotenga pa shelefu, imene inasokedwera wogula wina. Kawirikawiri imakhala yotchipa kapena yaulere, inu n'kulipira yotumizira yokha, ndipo imakuonetsani luso la osokawo koma osati katundu wanu. Pali yosokedwa motsatira zimene mwalemba. Ndipo pali yomaliza, yosokedwa ndi nsalu ndi zipi zenizeni za oda yanu atatsala pang'ono kuyamba kusoka zonse. Imeneyi ndi imene mumagwirizanirapo kuti katundu yense akhale wotere. Pemphani ziwiri zofanana, imodzi ikhale kwa inu, ina kwa iwo, ndipo invoisi inene kuti katundu adzafanana ndi sampulo yovomerezedwa pa tsiku lakuti.

Funsani ngati ndalama ya sampulo idzachotsedwa pa oda mukadzagula. Mafakitale ambiri amavomera, koma zikhale zolembedwa, ndipo afotokoze kuti oda yake iyenera kufika zingati. Ndalama yotumizira siibwerera. Funsaninso kampani imene atumizire, masiku ake, ndi mtengo umene alembe pa phukusi, popeza a kasitomu akhoza kulipiritsa msonkho ngakhale pa sampulo. Ngati mukuyerekeza mafakitale atatu, auzeni onse atumize kwa ejenti wanu ku China kuti aike m'phukusi limodzi, mulipire ulendo umodzi.

Sampulo ikafika musangoiyang'ana n'kuiyamikira. Mayiwo anadzaza yawo ndi makope ndi mabuku, n'kupatsa mdzukulu wawo wa sitandade 6 kuti apite nayo ku sukulu sabata ziwiri. Lamba wa kumanzere anayamba kusomphoka pamene walumikizana ndi chikwama. Anajambula chithunzi, n'kupempha kuti pamenepo asokepo kawiri mopingasa. Mtengo sunasinthe, chifukwa ananena asanadule nsalu.

Kalatayo

Kalata yachiwiri anailemba m'Chingerezi chosavuta mothandizidwa ndi mwana wawo. Wowerengayo nayenso Chingerezi si chilankhulo chake, ndiye ziganizo zikhale zazifupi, zopanda miyambi, funso lililonse pa mzere wake ndi nambala yake kuti aziyankha motsatira manambalawo. Malonje athu aatali, ofunsa za kunyumba ndi ana, apa asiyeni. Moni wa mzere umodzi ndi wokwanira, ndipo sakuona ngati mwano. M'Chichewa inkanena izi:

> Ndine wamalonda wa ku Blantyre, Malawi. Ndimagulitsa zikwama za ana a sukulu ndipo ndikufuna oda yoyeserera ya zikwama 600. Kukula: masentimita 42 ndi 30 ndi 14, nsalu 600D, matumba atatu, malamba a siponji. Zithunzi ndaphatikiza.
>
> 1. MOQ yanu ndi ingati pa kasokedwe kamodzi, ndipo ndi ingati pa mtundu umodzi? Muli ndi nsalu ya mitundu iti m'nkhokwe?
> 2. Ndipatseni mtengo wa 300, wa 600 ndi wa 1,000 m'madola a ku America, pa EXW, pa FOB Xiamen ndi pa CIF Beira. Malawi alibe doko.
> 3. Katoni imodzi: kukula, kulemera, ndi chiwerengero cha zikwama.
> 4. Sampulo: mtengo, masiku osokera, ndalama yotumizira ku Blantyre. Kodi idzachotsedwa pa oda?
> 5. Kudinda dzina la shopu ndi ndalama zingati?
> 6. Kusoka kumatenga masiku angati dipoziti ikalandiridwa?
> 7. Malipiro amayenda bwanji, ndipo mtengowu ukhala wosasintha kwa masiku angati?
> 8. Nambala ya HS ya katunduyu ndi iti?

Nambala ya HS ndi imene a kasitomu a mayiko onse amadziwira gulu la katundu, ndipo manambala ake oyamba asanu ndi limodzi ndi ofanana kulikonse. Zikwama zoberekera za nsalu zimagwera pa 4202.92. Mukaipereka kwa ejenti wanu wa kuno, adzakuuzani msonkho wake musanatumize ndi tambala yomwe.

Pa mafakitale asanu amene analandira kalata imeneyi, anayi anayankha tsiku lotsatira. China ili patsogolo pathu ndi maola asanu ndi limodzi, ndiye uthenga wotumiza madzulo ano umakapezedwa m'mawa wawo, ndipo nthawi yabwino yocheza nawo ndi m'mawa wathu. Kayankhidwe kake nakonso kamakuuzani zambiri. Amene wayankha mafunso onse asanu ndi atatu ndi manambala ndiye woti mupitirize naye. Amene walumpha funso la makatoni n'kumakufulumizitsani dipoziti, mwina katunduyo sanamupangepo.

Madola ndi kalendala

Funso lachisanu ndi chiwiri lija ndi lathu lenileni a ku Malawi. Mafakitale ambiri amafuna dipoziti ya 30 peresenti asanayambe ntchito, ndi 70 peresenti yotsalayo katundu asananyamuke. Mtengo umene akupatsani umakhala ndi malire, nthawi zambiri sabata ziwiri kapena mwezi. Koma aliyense wochita malonda mu Blantyre akudziwa kuti kupeza madola ku banki kumatha kutenga nthawi yaitali kuposa pamenepo. Ndipo kwacha ikagwa pakati pa dipoziti ndi malipiro omaliza, monga inachitira mu May 2022 ndi 25 peresenti komanso mu November 2023 ndi 44 peresenti, gawo lalikulu lija mumalilipira pa mtengo watsopano. Choncho nenani msanga kuti banki za kwanu zimachedwa, pemphani invoisi yoyambirira yokhala nthawi yotalikirapo, ndipo mukaonane ndi banki yanu musanavomere tsiku lililonse lolipira. Invoisi imeneyo ikhale ndi dzina lonse la kampani, zilembo zitatu zija ndi malo ake, komanso akaunti ya m'dzina la kampani yomweyo. Mukadzalandira imelo yonena kuti akaunti yasintha, musatumize kanthu musanalankhule ndi munthu amene mwakhala mukuchita naye, pa nambala yakale. Akuba amalowa m'maimelo a mafakitale n'kudikira nthawi ya malipiro.

Masiku nawo awerengeni chobwerera m'mbuyo. Sukulu zimatsegulira mu September, ndipo makolo amagula zikwama mu August. Sampulo kusoka, kufika ndi kuiyesa ndi mwezi wathunthu, ndipo ikafuna kukonzedwa ndi mwezi wina. Fakitale inati kusoka ndi masiku 35. Ulendo wa pamadzi ndi pamsewu muupatse miyezi iwiri kapena kuposerapo, chifukwa katundu wopita ku madoko a ku Mozambique nthawi zambiri amasinthitsidwa sitima panjira, ndipo ejenti amadikira kuti kontena idzaze. Ndiye kalata yoyamba iyenera kupita mu February kapena kumayambiriro kwa March. Chenjeraninso ndi chikondwerero cha chaka chatsopano cha ku China, chimene chimagwa kumapeto kwa January kapena mu February, pamene mafakitale amatseka kwa sabata zingapo, komanso tchuthi cha sabata yoyamba ya October.

Mayankho atakwana, tinakhala pansi mu shopu yawo n'kuwerengera. Zikwama 600 pa $3.55 chimodzi, zoperekedwa kwa ejenti ku Xiamen, ndi $2,130. Ulendo $792. Sampulo ndi kutumiza kwake $115. Chodindira dzina $40. Zonse pamodzi $3,077, kutanthauza $5.13 pa chikwama. Apa tisanaikepo msonkho wa kasitomu ndi VAT, zimene a MRA amawerengera pa mtengo wa katundu wophatikiza ulendo ndi inshuwalansi, osati pa mtengo wa pa fakitale wokha. Tisanaikeponso malipiro a ejenti wochotsa katundu, ndalama zimene banki imadula potumiza, ndi galimoto yofikitsa makatoni ku Limbe.

Mayiwo anayang'ana nambalayo nthawi yaitali, kenaka anatulutsa kope limene amalembamo mitengo imene amapikulira kwa anzawo a ku Dar es Salaam. Kusiyana kunalipo, koma kunali kochepa kuposa mmene ankaganizira tsiku lija, ndipo kunadalira msonkho. Anaimbira ejenti wawo pomwepo, n'kumuwerengera nambala ya HS ndi $3,077 ija, kuti awauze zotsalazo asanapite ku banki Lolemba.